Kusuntha, kukoka ndi kutembenuza palabola pogwiritsa ntchito tebulo la timadontho

"Aphunzitsi, ndine wophunzira wa Fomu 4 ndipo ndimakhala ku Ndirande mu mzinda wa Blantyre. Galafu ya y = x² ndimatha kuijambula, koma akangoikamo nambala zina, monga y = (x − 2)² kapena y = −2(x − 3)² + 8, mutu umaima. N'chifukwa chiyani mayinasi ya m'mabulaketi imapititsa galafu kumanja? Kodi pali njira yodziwira zimenezi popanda kuloweza?"

Njira ilipo, ndipo imayambira pa tebulo limodzi laling'ono lomwe muyenera kulidziwa bwino kotero kuti mungathe kulilemba ngakhale atakudzutsani pakati pa usiku. Galafu ndi gulu la timadontho, ndipo kadontho kalikonse kali ndi nambala ziwiri: ya x, yomwe imanena kutalika kwa ulendo wopita kumanja kapena kumanzere, ndi ya y, yomwe imanena kutalika kwa ulendo wokwera kapena wotsika. Nambala iliyonse yomwe yawonjezeredwa mu fomyula imagwira ntchito pa imodzi yokha mwa nambala ziwirizi. Choncho mukaona fomyula yatsopano, funso loti mudzifunse ndi lakuti nambala yatsopanoyo ikusintha mndandanda wa x kapena mndandanda wa y m'tebulo, ndipo ikuusintha motani.

Tebulo la y = x² ndi ili:

```
x :  -3  -2  -1   0   1   2   3
y :   9   4   1   0   1   4   9
```

Pali zinthu ziwiri zofunika kuziona m'tebuloli musanapitirire. Choyamba ndi nsonga, kutanthauza kadontho komwe galafu imakhotera, komwe pano ndi (0, 0), ndipo nambala za y zimafanana mbali zonse ziwiri za nsongayo. Chachiwiri ndi kakweredwe ka galafu kuchokera pa nsonga. Mukayenda sitepe imodzi kumanja mumakwera ndi 1, sitepe yachiwiri mumakwera ndi 3 kuchoka pa 1 kufika pa 4, ndipo yachitatu mumakwera ndi 5 kuchoka pa 4 kufika pa 9. Kakweredwe ka 1, 3, 5 kameneka ndiko kamapatsa palabola maonekedwe ake. Galafu ikangosunthidwa chabe, kakweredweka sikasintha ngakhale pang'ono, koma ikakokedwa kapena kutembenuzidwa, kamasintha. Tidzabwereranso ku mfundoyi poyesa ngati yankho lathu lili lolondola.

Kusunthira m'mwamba kapena pansi sikuvuta, choncho sitikhalitsapo. Mu y = x² − 4, mumayamba mwapeza x² monga mwa masiku onse, kenako mumachotsera 4 pa yankho lomwe mwapeza. Mndandanda wa x sukhudzidwa konse, pamene nambala iliyonse ya y imachepa ndi 4, ndipo 9, 4, 1, 0, 1, 4, 9 zimasanduka 5, 0, −3, −4, −3, 0, 5. Kadontho kalikonse katsika ndi masitepe anayi, nsonga yafika pa (0, −4), ndipo galafu tsopano ikudula mzere wogona wa x pa −2 ndi pa 2. Ikadakhala y = x² + 3, timadontho tonse tikadakwera ndi masitepe atatu ndipo galafu sikadaugunda konse mzere wa x. Apa chizindikiro chimanena zoona monga momwe chikuwerengekera: pulasi ndi kukwera, mayinasi ndi kutsika, chifukwa nambalayo ikuphatikizidwa mwachindunji ku y.

Tsopano tifike pomwe pakukuzunguzani. Mu y = (x − 2)², nambala 2 ikuchotseredwa ku x ntchito ya sikweya isanachitike. Kuti muone bwino chomwe chikuchitika, onjezerani mndandanda wapakati m'tebulo lanu, wosonyeza zomwe zili m'mabulaketi:

```
x     :  -1   0   1   2   3   4   5
x - 2 :  -3  -2  -1   0   1   2   3
y     :   9   4   1   0   1   4   9
```

Yang'anani mindandanda iwiri ya m'munsi ndipo muona kuti ndi tebulo lathu loyamba lija, losasintha kanthu. Chomwe chasintha ndi mndandanda wa pamwamba. Pa galafu yoyamba, y inali 0 pamene x inali 0. Pa galafu yatsopanoyi, y ikhala 0 pokhapokha zomwe zili m'mabulaketi zitakhala 0, ndipo kuti x − 2 ikhale 0, x iyenera kukhala 2. Chimodzimodzinso kuti y ikhale 9 mbali ya kumanja, m'mabulaketi muyenera kukhala 3, choncho x iyenera kukhala 5. Popeza fomyula ikulanda 2 kwa x aliyense, x ayenera kubwera atakula kale ndi 2 kuti akapereke yankho lomwe ankapereka poyamba. Kukula kwa x ndi 2 ndiko kusunthira kumanja masitepe awiri. Kadontho (−3, 9) kapita pa (−1, 9), kadontho (0, 0) kapita pa (2, 0), ndipo kadontho (3, 9) kapita pa (5, 9).

Ganizirani minibasi ziwiri zonyamuka ku Limbe kupita m'tauni ya Blantyre kudzera mu msewu wa Chipembere, zoyenda pa liwiro lofanana ndi kuima m'malo ofanana, koma yachiwiri itanyamuka mochedwa ndi mphindi ziwiri. Mukafuna kudziwa pomwe yachiwiri ili pa mphindi x, mumayang'ana pomwe yoyamba inali pa mphindi x − 2. Ngati yoyamba inadutsa pa Chichiri pa mphindi ya 10, yachiwiri idutsapo pa mphindi ya 12. M'fomyula mwalembedwa kuchotsera, koma chilichonse chikuchitika pa nthawi yokulirapo. Mayinasi ya m'mabulaketi ndi kuchedwa, ndipo pa mzere wa x chinthu chochedwa chimaoneka kumanja. Pulasi ya m'mabulaketi ndi kufulumira: mu y = (x + 2)², m'mabulaketi mumafika pa 0 msanga, x akadali pa −2, choncho galafu yonse imasunthira kumanzere.

Inu musaloweze chiganizo chakuti mayinasi ndi kumanja. Dzifunseni nthawi zonse kuti ndi x uti yemwe achititse kuti m'mabulaketi mukhale 0, ndipo yankho lake ndi pomwe pali nsonga. Funso limeneli limagwirabe ntchito ngakhale pomwe chiganizo cholowezacho chimasocheretsa, monga tionere kutsogoloku.

Pali cholakwa chimodzi chomwe chimachokera ku tebulo lenilenilo. Ophunzira ambiri anazolowera kutenga x kuyambira pa −3 mpaka 3 pa galafu iliyonse. Akatero ndi y = (x − 2)², amapeza 25, 16, 9, 4, 1, 0, 1. Nambala zonsezi n'zolondola, koma zikusonyeza mwendo umodzi wautali ndi kachidutswa kochepa ka mwendo winawo, ndipo wophunzira amayamba kukayikira kuti mwina galafu yapendekeka kapena yasintha maonekedwe. Siinasinthe ayi, iye wangoyang'ana malo omwe galafuyo yachokapo. Ngati mukusankha nokha nambala za x, pezani nsonga kaye, muiike pakati pa tebulo, kenako mutenge masitepe atatu mbali iliyonse. Ngati funso la mayeso lakupatsani kale nambala za x, gwiritsani ntchito zomwezo, koma muzidziwiratu kuti miyendo iwiriyo ikhoza kusiyana kutalika papepala.

Kukoka kumabwera pamene x² yachulukitsidwa ndi nambala ina. Mu y = 2x², mumapeza x² kaye, kenako yankholo mumalichulukitsa ndi 2. Ntchitoyi ikuchitika sikweya itatha, choncho ikukhudza mndandanda wa y wokha:

```
x       :  -3  -2  -1   0   1   2   3
2x²     :  18   8   2   0   2   8  18
(1/2)x² : 4.5   2 0.5   0 0.5   2 4.5
```

Kusiyana kwa kukoka ndi kusuntha kukuoneka bwino apa. Posuntha, timadontho tonse timayenda mtunda wofanana. Pokoka, kadontho kalikonse kamayenda molingana ndi kutalikirana kwake ndi mzere wa x. Kadontho (1, 1) kakwera ndi sitepe imodzi yokha kufika pa (1, 2), kadontho (3, 9) kakwera ndi masitepe 9 kufika pa (3, 18), pamene nsonga (0, 0) siinayende konse chifukwa 0 ukamuchulukitsa ndi 2 amakhalabe 0. Kakweredwe ka 1, 3, 5 kasanduka 2, 6, 10. Anthu amakonda kunena kuti galafu ya 2x² ndi yopanikizika kapena yowonda, ndipo m'maso imaonekadi choncho, koma m'tebulo palibe kadontho komwe kasendera pafupi ndi mzere woimirira wa y. Timadontho takokedwa m'mwamba, ndipo kuwondako ndi zotsatira chabe. Nambala yochulukitsira ikakhala pakati pa 0 ndi 1, monga theka, timadontho timatsika kuyandikira mzere wa x, kakweredwe kamakhala 0.5, 1.5, 2.5, ndipo galafu imaoneka yotambasuka.

Pokoka muzisamala ndi sikelo. Pepala la galafu lili ndi malire, ndipo ngati mutenga masentimita 2 kuimira 1 pa mzere wa y, nambala 18 ifuna masentimita 36, omwe papepala la A4 palibe chifukwa kutalika kwake ndi masentimita 29.7 okha. Ndiye mumakakamizika kusintha sikelo ya y, mwina masentimita 2 kuimira 5. Mukatero, galafu ya 2x² ikhoza kuoneka yotambasuka kuposa ya x² yomwe munajambula dzulo pa sikelo ina. Magalafu awiri amayerekezedwa m'maso pokhapokha ali pa mizere imodzimodzi ndi sikelo imodzimodzi. Kupanda apo, khulupirirani tebulo.

Kutembenuza kumabwera pochulukitsa ndi nambala ya mayinasi. Mu y = −x², nambala iliyonse ya y imasintha chizindikiro, ndipo 9, 4, 1, 0, 1, 4, 9 zimakhala −9, −4, −1, 0, −1, −4, −9. Kadontho komwe kanali masitepe anayi pamwamba pa mzere wa x tsopano kali masitepe anayi pansi pake, ndipo palabola yomwe inali yotsekukira m'mwamba yazondoka. Nsonga, yomwe inali malo otsikitsitsa, yasanduka malo okwezeka kuposa onse. Awa ndi maonekedwe a njira ya mwala woponyedwa m'mwamba chopendekera ngati mphepo siikuusokoneza, mfundo yomwe Galileo anaifalitsa mu 1638.

Vuto lalikulu pano lili pa kawerengedwe ka −x² pamene x ali wa mayinasi. Chizindikiro cha mayinasi chili kunja, choncho sikweya imayamba. Ngati x ndi −3, ndiye kuti x² ndi 9, ndipo −x² ndi −9. Wophunzira wina amaphatikiza mayinasi ziwirizo poyamba, n'kupeza 3, kenako 9, ndipo galafu yake imatuluka ndi mwendo wa kumanzere wokwera pamene wa kumanja ukutsika. Mukaona chotere, dziwani kuti penapake chizindikiro chalakwika, pakuti palabola siikhala ndi miyendo yolozera mbali zosiyana. Kakyuleta nayonso imatha kukusocheretsani m'njira ina. Pa makakyuleta a sayansi omwe ophunzira ambiri amagwiritsa ntchito, mukalemba −3² popanda mabulaketi imakupatsani −9, chifukwa imayamba ndi sikweya ya 3 kenako n'kuikapo mayinasi. Ngati mumafuna x² pamene x ndi −3, muyenera kulemba (−3)², ndipo mupeza 9. Kakyuletayo siinalakwe, yangotsata zomwe mwailembera.

Palinso kutembenuza kwa mtundu wachiwiri, kosinthanitsa kumanja ndi kumanzere, komwe kumachitika mukaika −x m'malo mwa x. Pa y = x² sikuoneka konse, popeza (−x)² ndi x² n'chimodzimodzi ndipo galafuyo ndi yofanana kale mbali zonse za mzere wa y. Kumaonekera galafu ikakhala itasuntha. Tengani y = (x − 2)², yomwe nsonga yake ili pa (2, 0), muike −x m'malo mwa x, ndipo mupeza y = (−x − 2)². Apa m'mabulaketi muli mayinasi 2, choncho woloweza uja anena kuti nsonga ili kumanja. Koma funsani funso lathu lija: kuti −x − 2 ikhale 0, x ayenera kukhala −2. Nsonga ili kumanzere, pa (−2, 0), ndipo fomyulayo ndi yofanana ndi (x + 2)².

Tiyeni tsopano tigwire fomyula yanu yachiwiri, y = −2(x − 3)² + 8, yomwe ili ndi zosintha zonse pamodzi. Musayambe ndi kulowetsa nambala mwachisawawa. Gawani ntchito pawiri. Chomwe chili m'mabulaketi ndi cha x: m'mabulaketi mukhala 0 pamene x ndi 3, choncho x aliyense wa tebulo loyamba awonjezeredwe 3. Zomwe zili kunja ndi za y: y aliyense wa tebulo loyamba achulukitsidwe ndi −2, kenako awonjezeredwe 8. Tikalemba mindandanda yonse motsatizana, tebulo likhala lotere:

```
x wakale         :  -3  -2  -1   0   1   2   3
y wakale         :   9   4   1   0   1   4   9
x watsopano (+3) :   0   1   2   3   4   5   6
y × (-2)         : -18  -8  -2   0  -2  -8 -18
y watsopano (+8) : -10   0   6   8   6   0 -10
```

Timadontho toti mujambule ndi ta mndandanda wachitatu ndi wachisanu: (0, −10), (1, 0), (2, 6), (3, 8), (4, 6), (5, 0) ndi (6, −10). Tsatirani kadontho kamodzi kuti muone ulendo wake wonse. Kadontho (2, 4) kasunthira kumanja masitepe atatu n'kukhala (5, 4). Kakokedwa kawiri n'kukhala (5, 8). Katembenuzidwa n'kukhala (5, −8). Pomaliza kakwezedwa masitepe 8 n'kufika pa (5, 0). Kuti mutsimikize, lowetsani 5 m'fomyula: 5 − 3 ndi 2, sikweya ya 2 ndi 4, kuchulukitsa ndi −2 kukupatsa −8, ndipo kuwonjezera 8 kukupatsa 0. Mayankho awiriwa agwirizana.

Tebuloli likukuuzani zonse zomwe funso la mayeso limakonda kufunsa. Nsonga ili pa (3, 8), ndipo popeza galafu ndi yozondoka, 8 ndiye y wamkulu kuposa onse. Mzere womwe umagawa galafu pakati ndi x = 3. Galafu ikudula mzere wa x pa 1 ndi pa 5, ndipo ikudula mzere wa y pa −10. Onaninso katsikidwe kuchokera pa nsonga: kuchoka pa 8 kufika pa 6 yatsika ndi 2, kuchoka pa 6 kufika pa 0 yatsika ndi 6, kuchoka pa 0 kufika pa −10 yatsika ndi 10. Ameneyu ndi 1, 3, 5 uja atachulukitsidwa ndi 2 n'kulozetsedwa pansi. Mukadapeza 2, 5, 11 kapena nambala zina zosatsata dongosololi, mukadadziwa musanajambule n'komwe kuti kadontho kena kalakwika.

Dongosolo la ntchito za y ndi lofunika kwambiri, ndipo apa ndi pomwe malikisi ambiri amatayikira. Kuchulukitsa kumayamba, kuwonjezera kumatsatira, chifukwa umu ndi momwe fomyula yalembedwera: −2 akuchulukitsa mabulaketi okha, ndipo 8 waima payekha. Tiyerekeze kuti mwayamba ndi kukweza. Nsonga ikwera kuchoka pa 0 kufika pa 8, kenako pochulukitsa ndi −2 ifika pa −16. Galafu yomwe mungajambule ingakhale ya y = −2(x − 3)² − 16, yomwe yonse ili pansi pa mzere wa x ndipo siiugunda paliponse. Kusintha dongosolo kokhako kwasuntha nsonga ndi masitepe 24. Koma ntchito ya x ndi ntchito za y sizisokonezana. Mukhoza kusunthira kumanja poyamba kapena pomaliza, yankho likhala lomwelo, popeza zikugwira mindandanda yosiyana.

M'mayeso a MSCE fomyula ya palabola kawirikawiri imabwera mabulaketi atatsegulidwa. Fomyula yathuyi ikatsegulidwa imakhala y = −2x² + 12x − 10, ndipo m'maonekedwe amenewa nambala ziwiri zokha ndi zomwe zimawerengeka mwachindunji. Nambala −2 ikunenabe za kukoka ndi kuzondoka, ndipo −10 ndi pomwe galafu ikudula mzere wa y. Ambiri amaganiza kuti −10 akutanthauza kuti nsonga yatsika ndi 10, chomwe si choona, pakuti taona kale kuti nsonga ili pa 8. Nambala ya kumapeto imakhala msinkhu wa nsonga pokhapokha palibe gawo la x loyima palokha ngati 12x, kapena fomyula ili m'maonekedwe a mabulaketi a sikweya. Kuti mubwerere ku maonekedwe amenewo mumakwaniritsa sikweya:

```
y = -2x² + 12x - 10
y = -2(x² - 6x) - 10
y = -2[(x - 3)² - 9] - 10
y = -2(x - 3)² + 18 - 10
y = -2(x - 3)² + 8
```

Nambala 3 yachokera ku theka la 6, ndipo 9 yachotseredwa chifukwa (x − 3)² ikatsegulidwa imabweretsa 9 yemwe poyamba panalibe. Malo oterera ndi mzere wachinayi: −9 ali m'kati mwa mabulaketi aakulu, choncho nayenso ayenera kuchulukitsidwa ndi −2 kuti akhale +18. Woiwala zimenezi amapeza −9 − 10, yomwe ndi −19, ndipo nsonga yake imakhala pa (3, −19). Kulowetsa x = 3 m'fomyula yoyambirira kumagwira cholakwacho nthawi yomweyo: −18 + 36 − 10 ndi 8.

Nambala yochulukitsa x m'kati mwa mabulaketi imafuna chidwi chapadera. Mu y = (2x)², x akuchulukitsidwa ndi 2 sikweya isanachitike, choncho monga zonse za m'mabulaketi, zotsatira zake pa tebulo zimayenda mobwerera: x aliyense amagawidwa ndi 2. Kuti y ikhale 4, m'mabulaketi muyenera kukhala 2, choncho x ndi 1, ndipo kadontho (2, 4) kapita pa (1, 4). Uku ndiye kupanikiza kwenikweni kwa m'mbali. Pa palabola pali chinthu chosangalatsa, chakuti (2x)² ndi 4x², kutanthauza kuti kupanikiza m'mbali ndi theka kumabala galafu yofanana ndi kukoka m'mwamba kanayi. Izi zimatheka chifukwa cha sikweya, ndipo musaganize kuti zili choncho pa galafu ya mtundu uliwonse. Tsopano taonani y = (2x − 6)². Woloweza anena kuti galafu yasunthira kumanja masitepe 6. Koma kuti 2x − 6 ikhale 0, x ayenera kukhala 3. Mukatulutsa 2 m'mabulaketi, fomyulayo ndi 4(x − 3)², ndipo nsonga ili pa (3, 0). Pa x = 6, y ndi 36, kutali kwambiri ndi nsonga.

Tebulo limathandizanso pa ulendo wobwerera, pamene mwapatsidwa timadontho ndipo mukufunsidwa fomyula. Tengani nambala za y za galafu yathu: −10, 0, 6, 8, 6, 0, −10. Kusiyana kwa nambala zoyandikana ndi 10, 6, 2, −2, −6, −10. Mukapezanso kusiyana kwa nambala zatsopanozi, mupeza −4 paliponse. Kusasintha kumeneku ndi umboni wakuti timadonthoti tikugwirizana ndi palabola, ndipo theka la nambalayo, −2, ndiye nambala yochulukitsira. Lamuloli limagwira ntchito motere pokhapokha x akukwera ndi 1 pa sitepe iliyonse. Nsonga mukuiona pa (3, 8), choncho fomyula yonse yapezeka popanda kujambula kanthu.

Nsonga siigwera pa nambala yathunthu nthawi zonse, ndipo apa tebulo likhoza kukubisirani. Tengani y = x² − 3x:

```
x :  -1   0   1   2   3   4
y :   4   0  -2  -2   0   4
```

M'tebuloli nambala yaing'ono kwambiri ndi −2, ndipo yaoneka kawiri, pa x = 1 ndi pa x = 2. Ophunzira ambiri amalumikiza timadontho tiwiriti ndi mzere wowongoka, ndipo galafu yawo imakhala yophwatalala pansi, kenako n'kulemba kuti y wotsikitsitsa ndi −2. Palabola ilibe malo ophwatalala. Nambala ziwiri zofanana za y zikutanthauza kuti nsonga ili pakati penipeni pa x awiriwo, pa 1.5, ndipo iyenera kutsika kupitirira −2. Lowetsani 1.5: sikweya yake ndi 2.25, kuchotsera 4.5 kukupatsa −2.25. Choncho fomyulayi ndi y = (x − 1.5)² − 2.25, kutanthauza galafu ya x² yosunthira kumanja sitepe imodzi ndi theka, n'kutsika masitepe awiri ndi kota. Kusiyana kwa nambala za y ndi −4, −2, 0, 2, 4, ndipo kusiyana kwachiwiri ndi 2 paliponse, komwe theka lake ndi 1, kutsimikiza kuti galafuyi siinakokedwe kapena kutembenuzidwa. Mukaona nambala ziwiri zofanana zoyandikana pansi kapena pamwamba pa tebulo, onjezerani kadontho ka pakati pake m'tebulomo musanagwire pensulo, ndipo pojambula mudutsitse mzere wokhota bwino pa (1.5, −2.25) ndi dzanja, osagwiritsa ntchito rula.